Kuwonongeka kwa mawaya a magetsi kunja kwa nyumba m'malokeshoni a Blantyre

Kuwonongeka kwa mawaya a magetsi kunja kwa nyumba ndi vuto lomwe limachitika pakati pa thiransifoma ya m'dera ndi mita ya nyumba, kapena pa mawaya akuluakulu omwe amadyetsa thiransifomayo. M'malokeshoni a mzinda wa Blantyre monga Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, magetsi amayenda m'mawaya a m'mwamba omangidwa pa mapolo, choncho mvula, mphepo, mphenzi ndi mbava zimawafikira mosavuta. Mbali ya kunjayi ndi ya bungwe la ESCOM, ndipo munthu wina aliyense saloledwa kuikonza. Mawaya ochokera pa mita kulowa m'nyumba ndi udindo wa mwini nyumba. N'chifukwa chake funso loyamba magetsi akathima kapena akayamba kuchita zachilendo limakhala lakuti vuto lili mbali iti ya mita. Yankho lake ndi lomwe limasonyeza woyenera kuitanidwa, komanso ngati zipangizo za m'nyumba zili pangozi yopsa.

Njira yomwe magetsi amadutsa

Magetsi ambiri a m'Malawi amapangidwa ndi madzi a mtsinje wa Shire ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Kuyambira mu 2017, ntchito yopanga magetsiwa ili m'manja mwa kampani ya EGENCO, pomwe ESCOM imawanyamula ndi kuwagawa kwa anthu. Akafika mumzinda, magetsi amayenda m'misewu pa mawaya a mavoliti 33,000 kapena 11,000. Mawaya amenewa amakhala atatu, pamwamba penipeni pa polo, ndipo salowa m'nyumba ya munthu.

Thiransifoma, yomwe nthawi zambiri imakhala pa mapolo m'mbali mwa msewu, imatsitsa mphamvuyi kuti ikwanire ntchito za pakhomo. Kuchokera pa thiransifoma pamatuluka mawaya anayi. Atatu mwa iwo ndi onyamula moto, ndipo amisiri amawatcha mafezi. Wachinayi ndi nyutulo, waya wobwezera magetsi ku thiransifoma. Pakati pa fezi imodzi ndi nyutulo pamakhala mavoliti 230, pomwe pakati pa fezi ndi fezi inzake pamakhala mavoliti 400. M'malo ena mawaya anayiwa ndi osakutidwa ndipo amatalikirana, pomwe m'malo ena ndi okutidwa ndi pulasitiki wakuda ndipo amapotedwa pamodzi ngati chingwe.

Nyumba wamba imalandira fezi imodzi ndi nyutulo kudzera pa waya wochokera pa polo yapafupi. Zigayo, malo owotcherera zitsulo akuluakulu ndi nyumba zina zikuluzikulu zimalandira mafezi onse atatu. Nyumba zoyandikana sizikhala pa fezi imodzi nthawi zonse, chifukwa amisiri amazigawa pa mafezi atatuwo kuti thiransifoma isalemedwe mbali imodzi. Mfundo imeneyi ndi yomwe imafotokoza chifukwa chake nyumba ina imakhala mumdima pomwe ya pafupi nayo ikuwala.

M'madera ambiri mita ndi yogulira mayunitsi pasadakhale. Mamita ena ali pakhoma la nyumba. Ena ndi a zigawo ziwiri: mita yeniyeniyo imakhala m'bokosi panja kapena pa polo, ndipo m'nyumba mumangokhala kiyipadi yolowetsera manambala 20 a mayunitsi. Kuchokera pa mita, magetsi amafika pa bokosi la m'nyumba lomwe muli swichi yaikulu ndi mabuleka ang'onoang'ono a masoketi, mababu ndi kuka.

Momwe nyengo imawonongera mawaya

Nyengo ya mvula ku Blantyre imayamba cha mu Novembala n'kutha cha mu Epulo, ndipo mavuto ambiri a mawaya amachitika m'miyezi imeneyi. Mvula yoyamba kawirikawiri imabwera ndi mphepo yamphamvu ndi mphenzi. Mphepo imagwetsera nthambi za mango, mapeyala ndi bulugama pa mawaya, imasasula malata n'kuwaponya pa mawayawo, komanso imagundanitsa mawaya osakutidwa omwe alendewera. Mawaya awiri akagundana pamathetheka moto, ndipo fyuzi ya pa thiransifoma imapsa kuti iteteze zotsala.

Malokeshoni ambiri a Blantyre ali m'mphepete mwa mapiri: Ndirande pansi pa phiri la Ndirande, Bangwe pansi pa phiri la Bangwe, Chilomoni moyandikana ndi Michiru, ndipo Zingwangwa ili pafupi ndi Soche. Pamalo otsetsereka madzi amathamanga n'kukokolola dothi la patsinde pa polo. Polo ikapendekeka imakoka waya wolowa m'nyumba mpaka kuuzula pa khoma kapena kuumasula polumikizira. Polo ya mtengo yomwe yawola kapena yadyedwa ndi chiswe patsinde imatha kuoneka yolimba chaka chonse, n'kudzathyoka tsiku limodzi la mphepo.

Pali kuwonongeka kwina kosaoneka msanga. Polumikizira waya wa nyumba ndi waya wa pa polo pamalowa madzi, ndipo pamachita dzimbiri, makamaka ngati waya wa kopa wakumana ndi wa aluminiyamu. Polumikizira pa dzimbiri pamatentha magetsi akamadutsa, ndipo kutenthako kumawonjezera kumasuka. Nyumba yotere imavutika ndi mababu ophethira kwa milungu ingapo waya usanadukiretu.

Anamondwe awiri aposachedwa adasonyeza kuti vuto likhoza kukhala kutali kwambiri ndi nyumba. Mu Januwale 2022, namondwe Ana adawononga damu la ku Kapichira, ndipo dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Nthawi imeneyo magetsi ankathima maola ambiri tsiku lililonse ngakhale m'madera momwe mawaya adali abwinobwino. Mu Malichi 2023, namondwe Freddy adagwetsa mvula yosalekeza kwa masiku angapo kummwera kwa dziko. Matope ndi miyala zidagumuka pa phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse mudafa anthu oposa 1,000. Mapolo adagwa m'madera ambiri, komanso makina a pa Shire adaimitsidwa kwa kanthawi chifukwa cha zinyalala ndi madzi osefukira. Pa nthawi ngati imeneyi nyumba imodzi ikhoza kukhala ndi mavuto awiri pamodzi, ndipo la pa polo yake limadziwika pokhapokha magetsi akabwerera kwa anthu ena onse.

Kuba kwa mawaya ndi zipangizo

Mbava zimafuna kopa ndi aluminiyamu zomwe zimagulitsidwa pa kilo kwa ogula zitsulo zakutha. Zimadula mawaya pakati pa mapolo, zimakhetsa mafuta a mu thiransifoma, ndipo nthawi zina zimaigwetsa n'kuiphwasula kuti zichotse kopa wa m'kati. Umbavawu umachuluka magetsi akathima nthawi yaitali, chifukwa mawaya amakhala opanda moto. Choncho dera lomwe lakhala mumdima chifukwa cha mphepo likhoza kupezeka kuti labedwanso pomwe amisiri akufika.

Kuba kwina sikuthimitsa magetsi nthawi yomweyo. Thiransifoma yokhetsedwa mafuta imapitiriza kugwira ntchito kwa kanthawi, koma popeza mafutawo ndi omwe amaiziziritsa ndi kutchinjiriza mawaya a m'kati, imatentha n'kupsa. Waya wa kopa wotsika ndi polo ya thiransifoma kulowa m'nthaka ukadulidwa, magetsi amayakabe koma chitetezo cha dera lonse chimachepa. Koopsa kwambiri ndi kuba kwa nyutulo, komwe kwafotokozedwa pansipa.

Zizindikiro za kuba zimasiyana ndi za mphepo. Waya wodulidwa ndi chida amakhala wosalala kumapeto ndipo chidutswa chonse cha pakati pa mapolo chimasowa, pomwe waya woduka ndi mtengo amakhala wonyenyeka ndipo amapezeka pansi pomwepo. Pansi pa thiransifoma yobedwa pamakhala mafuta otayika, mabawuti kapena chivindikiro. Kuwononga zipangizo za magetsi ndi mlandu pansi pa lamulo la zamagetsi la 2004, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idasintha lamuloli kuti zilango zikhwime.

Kuzindikira kuti vuto lili kunja

Kufufuza kumayambira m'nyumba n'kumapita kunja, ndipo konseku kumachitika ndi maso komanso maswichi a pa bokosi, popanda kumasula chilichonse.

Choyamba ndi kuona kukula kwa vutolo m'nyumba momwemo. Ngati masoketi afa koma mababu akuyaka, kapena chipinda chimodzi chokha ndicho chili mumdima, magetsi akufika ndithu ndipo vuto lili m'kati. Nyumba ya fezi imodzi ili ndi waya umodzi wokha wolowera, choncho vuto la kunja limakhudza nyumba yonse. Lamuloli siligwira pa nyumba ya mafezi atatu, momwe fezi imodzi ikafa kunja mbali ina ya nyumba imathima ina ikuyaka.

Chachiwiri ndi bokosi la mabuleka. Buleka yomwe yagwa yokha imasonyeza vuto la m'nyumba. Mwini nyumba amatsitsa mabuleka onse, amakweza swichi yaikulu, kenaka amakweza mabulekawo imodziimodzi. Buleka yomwe ikugwetsanso magetsi ikakwezedwa ndiyo ikusonyeza mbali yolakwika. M'nyengo ya mvula gwero lake nthawi zambiri limakhala madzi odontha padenga n'kulowa mu chogwirira babu, babu ya panja yonyowa, kapena waya wopita ku nyumba ya kuseri kapena ku shopu ya pa mpanda. Waya wotereyu, ngakhale ali panja, ndi wa mwini nyumba chifukwa wachokera kuseri kwa mita. Ngati mabuleka onse ali m'mwamba koma nyumba yonse ili mumdima, kufufuza kumapita pa mita.

Chachitatu ndi mita. Mita ya pakhoma imadya magetsi ochokera ku polo, choncho ikamaonetsa manambala ndiye kuti magetsi akufika pa nyumba. Zikatero, mita ikhoza kukhala kuti yadula yokha chifukwa mayunitsi atha, chifukwa zipangizo zoyatsidwa zapitirira mlingo wake, kapena chifukwa yazindikira kuti bokosi lake latsegulidwa. Ngati mita yafa kotheratu, osaonetsa nambala kapena kanyali, pafupifupi nthawi zonse magetsi sakufika pa mitapo. Pa mita ya zigawo ziwiri kiyipadi imasocheretsa, chifukwa ina imayendera mabatire ndipo imayaka ngakhale kulibe magetsi. Pamenepo chizindikiro chenicheni ndi chakuti kiyipadiyo imakanika kulumikizana ndi mita ndipo siiwerenga mayunitsi otsala. Komabe kiyipadi ya mtundu wolumikizidwa pa soketi imakanikanso ngati swichi yaikulu yatsitsidwa kapena mabatire ake afooka, choncho zimenezi zimayenera kuonedwa kaye.

Chachinayi ndi nyumba za anthu oyandikana nawo, ndipo nyumba imodzi siyokwanira. Mwini nyumba amafunsa nyumba zisanu kapena zisanu ndi imodzi, mbali zonse za msewu, ndipo amafunsa ngati akuyatsira magetsi a ESCOM kapena sola, invata kapena jenereta. Mayankho ake amagwa m'magulu anayi.

Ngati dera lonse lili mumdima mpaka kupitirira thiransifoma yapafupi, vuto lili pa mawaya akuluakulu, kapena ndi nthawi yomwe ESCOM yathimitsa magetsi mwadala pogawa kapena pokonza. ESCOM imalengeza ndondomeko zoterezi m'nyuzipepala, pa wailesi ndi pa masamba ake a mchezo. Ngati nyumba zonse za pa thiransifoma imodzi zathima koma za pa thiransifoma yotsatira zikuwala, vuto lili pa thiransifomayo. Pamwamba pake pamakhala mafyuzi atatu ooneka ngati timitengo, ndipo fyuzi yopsa imamasuka kumtunda n'kulendewera pansi, moti imaoneka munthu ali chiimire pamsewu. Ngati nyumba zathima modumphadumpha, imodzi mwa zitatu zilizonse kapena pafupifupi chomwecho, fezi imodzi yafa chifukwa cha fyuzi kapena waya woduka, ndipo chigayo chapafupi chimangong'ung'udza osazungulira. Ngati nyumba imodzi yokha ndiyo yathima ndipo mita yake yafa, vuto lili pa waya wake wochokera ku polo kapena polumikizira pake.

Chachisanu ndi kuyang'ana waya wa nyumbayo masana, munthu ataima pansi. Amaona ngati wayayo walendewera kuposa kale, ngati nthambi yautsamira, ngati pulasitiki wake wasupuka pomwe wakhudza malata, ngati chomangira cha pakhoma chazuka, kapena ngati pa polo pali pakuda ngati popsa. Usiku polumikizira pomasuka pamaoneka tikuthetheka, makamaka kukamawomba mphepo.

Magetsi omwe sadathime koma sali bwino

Mavuto ena a kunja sathimitsa magetsi. Mababu a nyumba yonse akamaphethira limodzi ndi mphepo, waya wamasuka kunja kapena nthambi ikuukhudza. Babu imodzi yokha ikamaphethira, vuto ndi la babuyo, swichi yake kapena chogwirira chake. Magetsi akathima n'kubwerera okha patangopita masekondi ochepa, kawirikawiri ndi swichi ya pa mawaya akuluakulu yomwe imadula ikamva kugundana n'kuyesa kulumikizanso. Mababu akazilala m'nyumba zambiri nthawi imodzi pomwe nyumba zina zikuwala monga mwa masiku onse, nthawi zambiri fyuzi imodzi mwa zitatu za pamwamba pa thiransifoma yapsa. Zikatero mafezi awiri amalandira pafupifupi theka la mphamvu yake. Mphamvu yochepayi imawononga mafiriji, chifukwa injini yake imakanika kuzungulira n'kumatentha, choncho firiji imayenera kuzulidwa pa soketi.

Kuduka kwa nyutulo

Vuto lomwe limapsereza katundu wambiri ndi kuduka kapena kubedwa kwa nyutulo pa mawaya a msewu. Nyutulo ndiyo imachititsa kuti nyumba iliyonse ilandire mavoliti 230, kaya nyumba zina zayatsa zinthu zambiri kapena zochepa. Ikaduka pakati pa thiransifoma ndi nyumba zingapo, magetsi sathima. M'malo mobwerera ku thiransifoma kudzera mu nyutulo, amalowa m'nyumba ina pa fezi yake n'kutulukira m'nyumba ina ya pa fezi yosiyana. Nyumbazo zimagawana mavoliti 400, ndipo sizigawana mofanana.

Chitsanzo chosavuta ndi cha nyumba ziwiri zoyandikana zomwe zili kumapeto kwa mzere wa mapolo, ina pa fezi yoyamba, ina pa fezi yachiwiri. M'nyumba yoyamba mukuyaka mababu, wailesi yakanema ndi tchaja ya foni, zonse pamodzi mawati 200. M'nyumba yachiwiri akuphika nsima pa hotipuleti ya mawati 2,000. Chipangizo chodya magetsi ambiri chimakhala ndi njira yotakasuka, pomwe chodya ochepa chimakhala ndi njira yopanikiza. Hotipuletiyo imapanikiza magetsi ndi maomu pafupifupi 26, pomwe zipangizo za nyumba yoyamba zimapanikiza ndi maomu pafupifupi 265, kutanthauza kakhumi kuposa hotipuleti.

Nyutulo ikaduka kuseri kwa nyumba ziwirizi, mavoliti 400 amagawika molingana ndi kupanikizako, magawo khumi kwa nyumba yoyamba ndi gawo limodzi kwa yachiwiri. Magawo onse ndi 11, ndipo 400 kugawa ndi 11 ndi 36 ndi kanthu. Nyumba ya hotipuleti imalandira mavoliti pafupifupi 36, moti madzi amasiya kuwira ndipo mababu ake amazilala kapena kuthima. Nyumba ya wailesi yakanema imalandira pafupifupi 364, pomwe zipangizo zake zidapangidwira 230. Mababu amawala modabwitsa n'kuphulika, tchaja imatulutsa utsi, ndipo wailesiyo imapsa. Amene wataya katundu ndi amene amadya magetsi ochepa. Pamsewu weniweni nyumba zimakhala zambiri ndipo mafezi ndi atatu, choncho manambala amasinthasintha aliyense akayatsa kapena kuzimitsa chinthu, koma mchitidwe wake ndi womwewo.

Chizindikiro chosiyanitsa vutoli ndi ena onse ndi kuwala kopitirira muyeso. Mawaya olakwika a m'nyumba ya fezi imodzi akhoza kuthimitsa kapena kuzilalitsa magetsi, koma sangakweze mphamvu kupitirira yomwe yalowa pa mita. Choncho babu ikawala kuposa masiku onse, fani ikathamanga mopitirira, kapena mababu a nyumba ina akawala kwambiri pomwe oyandikana nawo ayatsa ketulo, vuto lili kunja. Chochita ndi kutsitsa swichi yaikulu nthawi yomweyo, kuzula zipangizo pa masoketi, kuchenjeza oyandikana nawo ndi kudziwitsa ESCOM. Mabuleka wamba sateteza ku vutoli, chifukwa amagwa magetsi odutsa akachuluka kapena akathawira pansi, osati mavoliti akakwera. Tizipangizo toteteza firiji ndi wailesi yakanema tomwe timadula magetsi mphamvu ikakwera kapena kutsika timathandiza pa chipangizo chomwe talumikizidwapo chokha.

Nyutulo ikaduka pa waya wa nyumba imodzi yokha, zizindikiro zimakhala zina. Zipangizo zonse zimasiya kugwira ntchito ngati magetsi athima, koma fezi imakhala ikulowabe. Tesita imayaka m'mabowo onse awiri a soketi, ndipo m'nyumba zina zitsulo monga kuka ndi mipope zimagwira anthu. Nyumba yotere imaoneka yopanda magetsi pomwe mawaya ake ali ndi moto wokwanira kupha munthu.

Malire a njira zimenezi

Kuyang'ana ndi maso sikuthetsa mafunso onse. Mita yakufa ikhoza kukhala kuti yawonongeka yokha ndi mphenzi magetsi akufika, ngakhale kuti nayonso ndi ya ESCOM. Waya wokutidwa akhoza kuduka m'kati pulasitiki ali bwinobwino. Pa pulotti pomwe nyumba zingapo za lendi zimadyera mita imodzi, waya wochokera ku nyumba yaikulu kupita ku nyumba zinazo ndi wa mwini pulotti, ndipo kufufuza kumayambira pa bokosi la nyumba yaikuluyo. Zikakayikitsa, mmisiri wa magetsi wokhala ndi chiphaso cha bungwe la MERA amayeza mphamvu yolowa pa swichi yaikulu mabuleka onse atatsitsidwa. Akapeza pafupifupi mavoliti 230 osasinthasintha, amayezanso hotipuleti kapena ketulo itayatsidwa, chifukwa polumikizira pomasuka pamaonetsa mphamvu yokwanira ngati palibe chomwe chikudya, n'kutsika kwambiri chinthu cholemera chikayatsidwa. Mmisiriyo saloledwa kudula chidindo cha mita kapena kukwera pa polo. Kulipira munthu wamba kuti akwere pa polo kukalumikiza waya ndi mlandu, ndipo wolumikizayo akasinthanitsa nyutulo ndi fezi yachiwiri nyumba imalandira mavoliti 400 onse.

Waya wogwa pansi

Waya aliyense wogwa pansi amayenera kutengedwa kuti ali ndi moto, ngakhale sakuthetheka ndipo dera lonse lili mumdima. Magetsi akhoza kubwezedwa nthawi iliyonse popanda chenjezo, ndiponso jenereta kapena invata yolumikizidwa molakwika m'nyumba ina ikhoza kubweza moto m'mawaya a msewu. Pomwe waya wakhudza nthaka, magetsi amafalikira mozungulira ndipo mphamvu yake imachepa pamene munthu akutalikira. Munthu woponda motalikitsa miyendo pafupi ndi wayayo amalandira magetsi olowa mwendo wina n'kutulukira winawo, ndipo nthaka yonyowa imawonjezera ngoziyi. Malangizo odziwika ndi kutalikira mamita 10 kapena kuposa, ndipo wopezeka ali pafupi amachoka mokwekwesa mapazi ali ogundana. Mpanda wa waya, malata, chingwe cha chitsulo choyanikapo zovala ndi madzi a m'ngalande zomwe wayayo wakhudza zimanyamulanso magetsi. Munthu yemwe wagwidwa ndi waya wa pa polo sakokedwa ndi manja, ndipo pa mawaya akuluakulu ngakhale mtengo wouma suteteza wopulumutsayo. Galimoto ikagweredwa ndi waya, okweramo amakhala momwemo mpaka magetsi atathimitsidwa, pokhapokha ngati yayamba kuyaka. Chinthu chothandiza chomwe anthu a pamudzi angachite ndi kuima patali n'kumabweza ana ndi odutsa mpaka amisiri atafika.

Kudziwitsa ESCOM

Lipoti limathandiza amisiri ngati lili ndi nambala ya mita, dzina la dera ndi chizindikiro chodziwika monga sukulu, tchalitchi, msika kapena siteji ya minibasi, popeza misewu yambiri ya m'malokeshoni ilibe maina olembedwa. Wopereka lipoti amafotokoza nthawi yomwe vuto lidayamba, kuchuluka kwa nyumba zokhudzidwa, ndi zomwe waona, monga fyuzi yolendewera, polo yopendekeka kapena mtengo wogwera pa mawaya. Waya wogwa pansi, moto pa polo ndi mababu owala mopitirira zimatchulidwa poyambirira chifukwa zimaika moyo ndi katundu pangozi. Wopereka lipoti amapempha nambala ya lipotilo n'kuisunga. Ngati pali zizindikiro za kuba, nkhaniyo imaperekedwanso ku polisi, ndipo zomwe mbava zasiya pamalopo sizigwiridwa. Amene katundu wake wapsa amasunga zipangizozo, amalemba tsiku ndi nthawi, ndipo amapereka dandaulo lolembedwa ku ESCOM. Ngati sakukhutira ndi yankho, dandaulo likhoza kupita ku MERA, bungwe loyang'anira zamagetsi ndi zamafuta m'dziko.

Mawaya a lamya ndi intaneti

Kaganizidwe komweka kamagwira pa mawaya a lamya ndi intaneti omwe amayenda pa mapolo. Kampani ya MTL idavutika zaka zambiri ndi kuba kwa mawaya a kopa a lamya za m'nyumba, ndipo masiku ano makampani a intaneti amagwiritsa ntchito kwambiri mawaya a faiba, omwe m'kati mwake muli ulusi wa galasi wonyamula kuwala. Faiba ilibe kopa, koma imadulidwabe ndi mbava zoiyesa kopa, mitengo yogwa ndi okumba ngalande. Pa kabokosi ka faiba ka m'nyumba, kanyali ka POWER kakamayaka ndiye kuti magetsi ali bwino, ndipo kanyali kofiira ka LOS kamasonyeza kuti kuwala kochokera kunja sikukufika. Ngati chingwe chopyapyala cha m'nyumba chalumikizidwa bwino ndipo sichidapindike kwambiri, vuto lili kunja, ndipo kuzimitsa ndi kuyatsanso kabokosiko sikungalithetse. Mofanana ndi magetsi, kufunsa oyandikana nawo omwe ali pa kampani yomweyo kumasonyeza ngati waduka ndi waya wa nyumba imodzi kapena wa msewu wonse.